Mphunzitsi Woyeserera ndi Mphamvu Zomwe Sadziwa Kuti Ali Nazo

Tisanapite ku TP, nthawi yokayeserera kuphunzitsa pa sukulu, aphunzitsi athu a ku koleji anatichenjeza zinthu zitatu: tisaulule zinsinsi za ana, tisakondere, tisalowe m'zibwenzi ndi ophunzira. Tonse tinagwedeza mitu, ena tikuseka, poti ndani angavomere kuti iye ndi wotero? Nditatha materemu awiri ndikuphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza, monga maphunziro a uphunzitsi a IPTE amafunira, ndabwerako ndi maganizo ena. Zolakwa zambiri zomwe ndinaona, ndi zomwe ndinachita ndekha, sizinachokere mu mtima woipa. Zinayamba ngati chifundo, ngati changu pa ntchito, kapena ngati mwambo wa pamalopo. Mphunzitsi woyeserera amadziona ngati mwana wasukulu chifukwa nayenso akuchongedwa, koma ana amamuona ngati munthu wokhala ndi choko, rejisitala ndi malikisi awo m'manja. Maina a ana m'chimangirizo chino ndawasintha.

Ndiyambe ndi cholakwa changa. Mu Sitandade 7 momwe ndinkaphunzitsa munali ana 94, ndipo ndinkanyadira kuti rejisitala yanga inali yaukhondo. Ndinazindikira kuti Tadala amajomba Lachinayi limodzi mwezi uliwonse. Tsiku lina atabwera ndinamuimiritsa pamaso pa anzake n'kumufunsa kuti Lachinayi amakagulitsa chiyani kumsika. Anangowerama. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Amakatenga mayunitsi, sala," kalasi yonse n'kufa nacho chiseko. Ine ndinaganiza za foni. Pa buleki a menta, mphunzitsi wondiyang'anira pa sukulupo, anandikokera kuseri kwa ofesi n'kundiuza motsitsa mawu kuti Lachinayi ndi tsiku lomwe mwanayo amakalandira ma ARV, ndipo agogo ake anauza ahedi ndi iwo okha basi. Tadala sanabwere sabata yonse yotsatira.

Sindinaulule kanthu, poti sindinkadziwa kanthu. Komabe funso langa linatsegula chitseko chomwe banja lake linatseka mosamala kwa zaka. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula momwe munthu alili m'magazi popanda chilolezo chake, ndipo tonse timaliloweza polemba mayeso. Chimene sitiphunzira mokwanira n'chakuti chinsinsi chimatha kuululika ndi funso, ndi malo omwe wafunsira, ngakhale ndi chete wa mwana amene wasowa poyankhira. Ndikanamufunsa pambali, anzake atatuluka, bwenzi nkhani ili ina.

Pali funso lomwe linandivuta pambuyo pake: kodi a menta analakwa pondiuza? Agogo aja anawapatsa chinsinsicho iwo, osati ine. Ndikuganiza kuti akanatha kungoti, "Kujomba kwa mwana uyu ife tikukudziwa, musamufunsenso," ine n'kukhutira nazo. Mphunzitsi amafunika kudziwa zokhazo zomuthandiza kusamala mwana, osati zonse zomwe mtima wake ukulakalaka kumva. Pansi pa mtengo wa mango pomwe tinkachongera makope, nkhani za ana zinali ndiwo: uyu bambo ake ali kundende, uyo anakodza pamphasa ku kampu, winayo akuoneka ngati waima. Ana otumidwa kudzasiya choko ankamva zonsezi.

Koma kusunga chinsinsi kuli ndi polekezera. Mwana akakuuza kuti amalume ake amamulowera usiku, n'kukupempha kuti usauze munthu, sungalonjeze zimenezo. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linakhazikitsidwa kuti mwana wotere atetezedwe, ndipo njira zilipo: ahedi, amayi a gulu loyang'anira atsikana pasukulu, ogwira ntchito yoteteza ana m'dera, apolisi, kapena nambala yaulere ya 116. Chofunika n'kumuuza mwanayo zoona, kuti uuza munthu mmodzi amene angathandize ndipo ukumutchula dzina, kuti asadzamve ngati wagulitsidwa.

Za mafoni ndingonena mwachidule. Anzanga ambiri ankajambula ana n'kuika pa WhatsApp, ena mpaka kope la mwana wolephera, dzina likuoneka, kuti anthu aseke Chingerezi chake. Palibe kholo lomwe linafunsidwa. Ngakhale mwambo wathu wa tsiku lotsekera, woitana maina pabwalo kuyambira nambala wani, umandikayikitsa tsopano. Makolo amaukonda, ndipo sindikuti uthe mawa, koma ndinaona mwana wa zaka 9 akubisala kuseri kwa chimbudzi kudikira kuti anthu abalalike.

Kukondera ndiko kunandipeza ndisanakonzeke. Ine ndi anzanga awiri tinkakhala m'nyumba ya bambo wina wa m'komiti ya sukulu, ndipo mayi a pakhomopo ankatipatsa mbatata ndi nkhwani osawerengera. Mwana wawo Yamikani anali m'kalasi mwanga. Pa mayeso a masamu a pakati pa teremu anapeza 47, ndipo ndinadzipeza ndikubwereza pepala lake kachiwiri, kufunafuna poti ndimupatse theka la malikisi chifukwa cha njira. Mapepala 93 enawo sindinawabwereze. Palibe anandipempha. Mbatata ija inkalankhula yokha. Ndinasiya 47 yemweyo, koma madzulo ake nsima inandivuta kumeza pomwe mayi aja anabwera ndi mbale ya nyemba.

Anthu ena amati kukana mphatso kumudzi n'chipongwe, ndipo akunena zoona. Kholo lobweretsa dzungu kwa aphunzitsi nthawi zambiri silikugula kanthu, likungothokoza monga tinaleredwera. Vuto ndi la mwana amene kwawo kulibe dzungu, chifukwa amaona zonse ndipo amawerengera yekha. Chimene chinandithandiza n'chimene a menta ankachita: ana ankalemba nambala m'malo mwa dzina pa mayeso, ndipo mapepala a ana omwe tinkadziwana ndi makolo awo tinkasinthana pochonga. Mphatso zikabwera zinkapita pa tebulo la aphunzitsi onse.

Kukondera kwina sikukhudza mbatata. M'kalasi la ana 94, mphunzitsi amene akuyembekezera alendo ochokera ku koleji amafuna phunziro liyende. Ndiye amaloza ana omwewo asanu a kutsogolo amene amakweza manja mofulumira. Tsiku lomwe anabwera kudzandiona, aphunzitsi anga anajambula kalasi papepala n'kuika kadontho pa mwana aliyense amene ndinamufunsa. Madontho onse anaunjikana pafupi ndi bolodi, ndipo mwa mafunso khumi ndi awiri, atsikana analandira atatu. Mnyamata wosamva bwino khutu limodzi, yemwe ankakhala pakona, ndinali ndisanamutchulepo dzina chiyambire teremu. Chitsegulireni zipata za sukulu zaulere mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, ndipo mphunzitsi sangafikire aliyense tsiku limodzi. Koma akasiya kusankha mwadala, manja ofulumira amamusankhira, ndipo amasankha omwewo chaka chonse.

Nkhani ya malire ndiyo anthu amaizemba. Ndinali ndi zaka 22. Mu Sitandade 8 munali atsikana a zaka 16 ndi 17, ena obwereza kuti akhoze bwino mayeso a MANEB asankhidwe ku sekondale, ena obwerera atabereka, monga ndondomeko yomwe inayamba mu 1993 imalolera. Kunja kwa mpanda wa sukulu tikanaoneka ngati a msinkhu umodzi, ndipo apa ndi pomwe anzathu ena amadzinamiza kuti "anafuna yekha". Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Koma ngakhale atakwana 18, amene akumuchonga ndiwe. Mtsikana amene akudziwa kuti malikisi ake, chilango chake ndi mbiri yake zili m'manja mwako sangakukane momasuka, ndiye kuvomera kwake sikungakhale umboni wa chilichonse.

Zimayamba pang'onopang'ono. Pa sukulu imeneyo chinali chizolowezi kuti atsikana azitungira aphunzitsi madzi ndi kusesa m'nyumba zawo, ndipo makolo sankaonapo cholakwa. Kenaka pamabwera patitaimu wa madzulo kunyumba, kenaka "ndibwerekeni foni ndiimbire amayi", kenaka nambala yasungidwa. Sitepe iliyonse payokha ili ndi chifukwa chomveka. Tsiku lina ndinapeza kakalata m'kope la Chichewa, kopinda kanayi, kolembedwa kuti "Sala, ndimakuganizirani." Ndinachita manyazi, ndipo ndisaname, pang'ono ndinakomedwa. Kuking'amba mwakachetechete kukanasiya chinsinsi pakati pa ine ndi mwana, chimene chili chiyambi cha vuto lomwelo. Kukawerenga m'kalasi kukanakhala kubwereza zomwe ndinamuchita Tadala. Ndinakapereka kwa madamu achiwiri kwa ahedi, iwo n'kucheza naye okha popanda chilango. Kuyambira pamenepo madzi tinkatunga tokha, ndipo wofuna thandizo la masamu ankabwera ndi anzake m'kalasi, chitseko chili pululu. Anthu a pamjigo anatiseka sabata ziwiri, kenaka anazolowera.

Chovuta kwambiri, chomwe sindinganene kuti ndinachithetsa, ndi pamene wolakwa ali wamkulu kwa iwe. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Wophunzira uphunzitsi amadalira siginecha ya ahedi ndi ya menta kuti akhoze, ndiye akaona mphunzitsi wokhazikika akuitanira mtsikana yemweyo kunyumba kwake madzulo aliwonse, amayamba kuwerengera za satifiketi yake. Ine ndinaziona, ndipo ndinakhala nazo chete masabata atatu ndisanauze aphunzitsi anga a ku koleji atabwera. Iwo anakambirana ndi a PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale m'deralo. Masabata atatuwo sindiwanyadira. Ndikupempha kuti koleji, isanatitumize, izitiuza momveka munthu amene tingamuimbire tikaona zotere, komanso kuti malikisi athu a TP asadalire munthu amene tamuneneza.

Tadala anabwerera a menta atapita kukacheza ndi agogo ake. Ndinamupepesa pakhonde, madamu ali chapafupi, osatchula chifukwa chomwe amajombera. Anangoti, "Chabwino, sala," maso ali pansi. Mpaka tsiku lomwe ndinachoka ankalemba ntchito yonse ndipo ankakhoza, koma m'kalasi mwanga sanakwezenso dzanja.