Pempho langa pa nkhani ya Madamu a Sitandade 8

Madamu,

Ndikhulupirira mwaswera bwino. Ndasankha kukulemberani m'malo moyankhula mu ofesi ya aphunzitsi chifukwa nkhaniyi ndi ya ife awiri, ndipo palibe wina amene ndamuonetsa kalatayi, ngakhale ahedi.

Lachiwiri pa nthawi ya buleki, komanso Lachinayi tikudikira minibasi pa siteji, munanena kuti Madamu a Sitandade 8 adadya ndalama za mayeso oyeserera. Lachinayilo munawonjezanso kuti amapitapita kuchipatala ndipo "tonse tikudziwa chifukwa chake". Ndinali pomwepo masiku onse awiri, eni ake kunalibe. Pempho langa n'loti nkhani ziwirizi zilekeke.

Ndiyambe ndi ya ndalama, poti imeneyi ili ndi mapepala. M'kalasi muja muli ana 96 ndipo makolo adagwirizana pa msonkhano kuti mwana aliyense apereke K1,500. Wowerengera pamtima apeza K144,000, ndipo ndikuganiza kuti chiwerengero chimene chikuyenda m'kamwa mwa anthu n'chimenechi. Koma amene adapereka ndi ana 81 okha, ndiye zomwe zidalowa ndi K121,500. Ana 15 otsalawo sadabwezedwe, adalemba nawo mayeso onse. Kutayipitsa ndi kusindikiza mapepala asanu ndi limodzi a mayeso kudadya K118,000, ndipo K3,500 yotsala idaperekedwa ku ofesi. Mayina a opereka ali m'kope la ndalama, malisiti adamatidwa kumapeto kwake, ndipo apampando a komiti ya sukulu adasayinira. Kopelo lili mu kabati ya ahedi, mphunzitsi aliyense atha kupempha kuliona.

Sindikunena kuti kufunsa za ndalama n'kulakwa, ayi. Ndi ndalama za makolo, ena adachita kugulitsa chimanga kuti azipeze, ndiye ziyenera kufunsidwa. Vuto ndi malo ofunsira. Funso lofunsidwa kwa ahedi limayankhidwa ndi lisiti tsiku lomwelo. Lofunsidwa pa siteji lilibe woliyankha, limangokwera minibasi n'kumapita.

Ndipo lafika kale kutali. Amayi ogulitsa mandasi pa geti anandifunsa dzulo ngati n'zoona. Ana amene amabwera kudzatenga choko ndi makope mu ofesi amamva zonse, ngakhale aoneke ngati sakumvetsera, ndipo madzulo amakazitula kunyumba. Kholo limene lamva kuti ndalama zimadyedwa silidzaperekanso teremu ya mawa, ndipo amene adzavutike ndi ana oyembekezera mayeso a MANEB. M'kalasi namo, mwana amene wamva kuti aphunzitsi ake ndi akuba sawamveranso. Mwina mwaona kuti masiku ano Madamuwo akumachongera makope m'kalasi mwawo, sakubweranso kudzamwa nafe tiyi.

Za kuchipatala ndinena mwachidule. Amatsanzika kwa ahedi, ahedi amawalola, ndipo kalasi lawo limakhala ndi wolisamalira. Chimene amapitira n'chawo. Kaya ndi iwo akudwala, kaya mwana, kaya kholo lawo, si zoti ife tiziganizirana.

Ngati mtima wanu sunakhutire pa za ndalama, tiyeni Lolemba tikaweruka tipite limodzi kwa ahedi, mukaone kopelo ndi maso anu. Mukapeza kuti masamu sakugwirizana, mukanene pomwepo, ndipo ine ndidzakhala kumbali yanu kuti nkhaniyo ipite ku komiti, ngakhale kwa alangizi a zoni yathu ngati pangafunike kutero. Ngati pali china chimene Madamuwo adakulakwirani, monga nkhani ya kagawidwe ka maphunziro ija imene sidakusangalatseni teremu yatha, ndi bwino muwauze okha pamaso. Mukafuna mkhalapakati, ndilipo.

Chovuta kwambiri ndi pamene wina wayambitsa yekha nkhaniyi pofuna kumva zambiri kwa inu, poti anthu azolowera tsopano. Simufunika kufotokoza zambiri. Kungoti "imeneyo tiyeni tiisiye, eni ake palibe pano" n'kokwanira. Kwa amene adamva za ndalama kuchokera kwa inu, makamaka aja tinali nawo pa siteji, zingathandize mutawauza kuti malisiti alipo. Zopepesa kwa Madamuwo sindikukakamizani, mudziwa nokha.

Kumbali yanga, nkhaniyi ikadzayambikanso ine ndili pompo ndidzapempha mwaulemu kuti tisinthe nkhani, ndipo ikapitirira ndidzatuluka. Ndakuuziranitu kuti musadzadabwe kapena kuganiza kuti ndakukwiyirani. Ntchito yanu ndimailemekeza, ana amene amachokera m'manja mwanu amafika kwa ine akuwerenga bwino.

Mawa ndilibe phunziro pa piriyodi yachitatu. Ngati pali pamene ndamva molakwa, mundipeze m'kalasi mwanga tikambirane.

Ndine mnzanu,
Mphunzitsi wa Sitandade 6