Za chithunzi cha positala yako ya likodzo

Mng'ono wanga,

Chithunzi chafika ndipo ndachiyang'ana bwinobwino. Mnyamata uja wamujambula ali m'madzi mpaka m'chiuno watuluka bwino, nkhono nayonso ikuoneka kuti ndi nkhono. Usazitaye zimenezi, tizigwiritsa ntchito. Vuto lili pa kayalidwe ka zinthu papepalapo. Munthu akaima patsogolo pa positalayi sadziwa poyambira, chifukwa mutu, ndime zitatu zija ndi zithunzi zonse ndi zofanana kukula. Mutu waukankhira pakona ya kumanzere, ndipo malo atakuthera zilembo ziwiri zomaliza wazipanikiza mpaka ZO akuoneka ngati mawu ena. Zithunzi zili m'munsi ngati zochita kukumbukira mochedwa, pamene ndi zimene zikanaimitsa munthu wodutsa.

Tayesa izi usanapitirize kuwerenga. Ika pepalalo pakhoma, ubwerere m'mbuyo mapazi atatu aakulu, utsinzine pang'ono. Chimene chikuonekabe ndi chimene anzako a kumbuyo kwa kalasi adzaone. Pa chithunzi chomwe watumizachi, ndikachichepetsa pafoni chimatsala ndi chigamba chofiira cha m'mphepete chija basi.

Kukonza kwake sikufuna luso latsopano. Ugule pepala lina la tchati, ukhale ndi rula, pensulo, chofufutira, sizasi, guluu, pepala loyera limodzi la A4 ndi mapentopeni awiri, yakuda ndi yabuluu. Ndikuwerengera pepala la A1, lija la masentimita 59 m'lifupi ndi 84 m'litali, loimika choongoka. Ngati lako lasiyana pang'ono, kusiyanako ukuchotse kapena kukuwonjezera pa gawo la zithunzi.

Yamba ndi malire. Lemba mzere wa pensulo masentimita 3 kuchokera m'mphepete, mbali zonse zinayi, ndipo kunja kwa mzerewo usalembeko chilichonse. M'mene walembera pano mawu afika m'mphepete penipeni, ndiye aphunzitsi akadzamata ndi selotepi kapena kukhoma timisomali, zilembo zoyamba za mzere uliwonse zidzabisika. Maluwa ofiira azungulira pepala aja achoke onse. Ndikudziwa adakudyera nthawi, koma sakunena kanthu za likodzo ndipo ndi amene akukuwa kuposa mutu.

Kenako lemba mzere wina wosaoneka kwambiri wotsika pakati penipeni pa pepala. Kuchokera pamwamba, ika timadontho pa masentimita 3, 16, 18, 51, 53, 75, 77 ndi 81, mbali zonse ziwiri, ulumikize ndi rula. Rula ya masentimita 30 sifika, choncho gwiritsa ntchito m'mphepete mwa tchati chakale chija ngati rula yaitali. Upeza zipinda zinayi: cha mutu kuyambira pa 3 mpaka 16, cha zithunzi pa 18 mpaka 51, cha mawu pa 53 mpaka 75, ndi kachipinda ka dzina pa 77 mpaka 81. Timipata ta masentimita awiri tili pakati pa zipindazi tikhale topanda kanthu. Ndi timeneti timauza maso kuti nkhani ina yatha, ina yayamba.

Mutu wako uli ndi mawu khumi ndi awiri. Ungokhala awiri: PEWANI LIKODZO. Zilembo zikhale zotalika masentimita 7. Ukawerenga zilembo pamodzi ndi mpata wa pakati upeza malo 14, ndiye ukapatsa malo alionse masentimita atatu ndi theka, mutu wonse utenga masentimita 49 pa 53 amene uli nawo. Kuti usapendekere mbali imodzi, usayambire kumanzere. Chilembo L chiyambire pa mzere wa pakati uja, umalize LIKODZO kupita kumanja, kenako ulembe PEWANI chobwerera, kuyambira pa I mpaka pa P. W amafuna malo ochulukirapo, I ochepa, choncho bwereka kwa I upatse W. Zonsezi ndi pensulo kaye. Pentopeni ikabwera, chilembo chilichonse uchidutse kawiri kapena katatu kuti chinenepe, chifukwa chilembo chachitali koma chowonda patali chimasowa. Pansi pa mutu uike mzere umodzi wa zilembo za masentimita 2: Nthenda ya m'madzi okhala ndi nkhono. Uonenso kalembedwe, m'ndime yachiwiri walemba "likozo" kawiri.

Gawo la zithunzi ndi limene ndikufuna ulipatse mtima wonse. Pinda pepala la A4 kawiri, ulidule, upeza timakadi tinayi ta masentimita pafupifupi 15 ndi 10 ndi theka. Kadi iliyonse itenge chithunzi chimodzi, yogoneka chopingasa. Mnyamata ndi nkhono uwadule pa tchati chakale uwamate pa makadi awiri, ndiye zojambula zatsopano zitsala ziwiri zokha. Ubwino wa makadi ndi woti ukalakwitsa umataya kadi, pepala lalikulu osakhudzidwa, komanso ukhoza kuwasuntha mpaka utakhutira usanamate.

Kadi yoyamba ikhale pamwamba pakati, yachiwiri kumanja moyandikira malire, yachitatu pansi pakati, yachinayi kumanzere. Mivi inayi yokhota, yabuluu, yonenepa ngati chala, iyende momwe wotchi imayendera, ndipo muvi wachinayi ubwerere ku kadi yoyamba. Pa kadi iliyonse ulembe nambala yaikulu pakona. Mawu ofotokoza akhale afupi, a zilembo za sentimita imodzi ndi theka:

1. Wodwala akodza m'madzi
2. Mazira aswa, tizilombo tilowa m'nkhono
3. Tizilombo tituluka m'nkhono
4. Tiboola khungu la munthu ali m'madzi

A kadi yoyamba uwalembe pansi pake, a kadi yachitatu pamwamba pake, a m'mbali pansi pawo m'mizere iwiri kapena itatu. Pakati pa bwalolo patsala malo oyera. Dzanja lidzakuyabwa kuti uikepo kansomba kapena kabwato, koma upirire.

Apa pali chinthu china chimene si cha kayalidwe koma sindingachisiye. Muvi wako wachokera pa nkhono kupita pakamwa pa mnyamata, ndipo walemba kuti likodzo limabwera pomwa madzi akuda. Njira yake yeniyeni ndi khungu. Mazira a nyongolotsi amatuluka ndi mkodzo kapena chimbudzi cha wodwala, amaswa m'madzi, tizilombo take timakakulira m'nkhono, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu la amene akusamba, kuchapa, kusambira kapena kukoka khoka. Madzi akhoza kukhala oyera mbee koma tizilomboto tilimo, makamaka m'malo osaya a bango ndi udzu m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ku Malombe ndi mu Shire. Choncho muvi wochokera pa kadi yachitatu uloze pa mwendo kapena m'chiuno mwa mnyamatayo. Aphunzitsi a sayansi cholakwika chimenecho adzachiona asanaone china chilichonse.

Ndime zitatu zija zili ndi mawu oposa zana, ndipo palibe amene adzaziwerenge ataimirira. Gawa chipinda cha mawu pawiri: masentimita 25 kumanzere, 25 kumanja, mpata wa masentimita 3 pakati. Kumanzere mutu waung'ono ukhale Zizindikiro, kumanja Kapewedwe, zilembo za masentimita 3, zabuluu. Pansi pake pakwana mizere isanu ndi umodzi yotalikirana masentimita 3, ndipo mzere umodzi umatenga zilembo pafupifupi 22. Ndiye mfundo zitatu mbali iliyonse zakwana. Kumanzere: Magazi mumkodzo, Kumva ululu pokodza, Kupweteka m'mimba. Kumanja: Kodzerani m'chimbudzi, osati m'madzi; Sambani ndi kuchapa ndi madzi a pamjigo; Imwani mankhwala akabwera kusukulu. Mbali ya kumanzere itsala ndi malo chifukwa mfundo zake ndi zazifupi, ndiye pansi pake uwonjezere kuti: Mukaona izi pitani kuchipatala. Zotsala za m'ndime zija usadandaule nazo, uzilembe pa kapepala kam'manja, udzazinena pakamwa pofotokozera kalasi.

Mizere yonse iyambire pa mzere umodzi woongoka kumanzere. Pano ina yayambira mkati, ina kunja, ndipo yonse ikutsetsereka kumanja ngati ikupita kudooko, chifukwa sunalembe mizere yotsogolera. Pa mzere uliwonse wa mawu lemba mizere iwiri ya pensulo, wapansi ndi wapamwamba. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zikhale za mutu basi. M'mfundomu ulembe zing'onozing'ono, zosalumikiza, chifukwa zimawerengeka msanga.

Za mitundu ndi zachidule. Mawu achikasu aja pachithunzi sakuoneka n'komwe, ndipo pakhoma zidzakhala chimodzimodzi, chifukwa chikasu ndi pepala loyera zimayandikana kuwala. Yakuda ikhale ya mutu ndi mawu, yabuluu ya mivi ndi mitu ing'onoing'ono. Makrayoni a mitundu ina akhale m'zithunzi mokha. Dzina lako, Fomu 2 ndi phunziro zipite m'kachipinda ka pansi, zilembo za sentimita imodzi.

Polemba ndi pentopeni, yala pepala pa tebulo kapena pa simenti yosalala, nyuzipepala pansi. Pa mkeka zilembo zimatuluka zonjenjemera, ndipo inki ikadutsa pepala imadetsa tebulo la amayi. Uyambe pamwamba kutsika. Ndi kutentha kwa kwathu kuno dzanja limatuluka thukuta, choncho ika kapepala pansi pa dzanja, apo ayi inki idzapakika. Pentopeni uzitseka ukangosiya kulemba, imauma msanga. Udikire mphindi khumi usanafufute mizere ya pensulo. Makadi umate pomaliza, guluu pang'ono m'makona ndi m'mphepete, usanjikepo mabuku kwa theka la ola. Guluu akachuluka pepala limachita makwinya osatheka kuwongola. Ngati ugwiritsa ntchito phala la ufa wa chinangwa, upake mopyapyala kwambiri ndipo liume usiku wonse, pamalo poti nyerere ndi mphemvu sizifika.

Popita nayo kusukulu Lolemba usaipinde. Uikulunge ngati mkeka, zolemba zili kunja kuti makadi asatukuke, umange ndi kachingwe, uike m'jumbo lalikulu.

Mawa ukamaliza zonse za pensulo, makadi utangowaika osamata, unditumizire chithunzi china usanakhudze pentopeni. Cha lero wajambula mopendekera ndipo mthunzi wako waphimba kona ya kumanja, moti sindinawerenge mizere iwiri yomaliza. Uyale pepala pakhonde pamthunzi, uime mbali yoti mthunzi wako usagwerepo, foni uigwire pamwamba pa pakati pa pepala, makona onse anayi aoneke.

Ndine,
Achemwali ako