Ndondomeko ya msonkhano wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi

Tsiku: Lachinayi, pa 12 Malichi 2026
Malo: chipinda cha aphunzitsi
Nthawi: 2:00 mpaka 3:30 masana

Akuluakulu a komiti, ulendo wathawu tinatuluka kutada, nkhani ya denga osaikhudza n'komwe, chifukwa maminitsi okha anatidyera ola lathunthu. Ulendo uno mfundo iliyonse ili ndi mphindi zake. Achiwiri kwa Wapampando avomera kugwira wotchi: kukatsala mphindi imodzi adzakweza dzanja, nthawi ikatha adzaliza belu. Belulo silidzaona nkhope, ngakhale akulankhula ndi a Hedi.

1. 2:00–2:05 Kutsegula ndi kumva za opepesa. A Wapampando, mphindi 5. Tikangokwana asanu tidzayamba, ndipo wochedwa sitidzamubwerezera.

2. 2:05–2:15 Maminitsi a msonkhano wathawu. Mlembi, mphindi 10. Ndinatumiza kale, muwerengeretu kunyumba. Pano tidzangokonza zolakwika n'kuvomereza, osati kuyambiranso mtsutso womwe unatha.

3. 2:15–2:30 Lipoti la chuma. A Msungichuma mphindi 7, mafunso mphindi 8. Malisiti adzakhala patebulo. Wofuna kuwaona limodzilimodzi atsalire tikatseka.

4. 2:30–3:00 Denga la kalasi yachitatu. Mphindi 30.
Iyi ndiye nkhani yatiitanitsa. Amene munalowamo mvula ikugwa munaona zidebe zitatu pakati pa kalasi, ana atakankhira madesiki kukhoma, mabuku ali m'malaya. A Hedi adzafotokoza mmene zilili (mphindi 5), a Msungichuma adzawerenga makotesheni a amisiri atatu (mphindi 8), kenako tidzakambirana (mphindi 12). Aliyense asapitirire mphindi ziwiri, ndipo wolankhula kachiwiri adikire anzake onse athe. Ikakwana 2:55 tidzavota pokweza manja: kumata mabowo kapena kusintha malata onse, komanso mmisiri uti. Pempho langa, tisayambirenso kufufuza amene anakhoma dengalo poyamba. Takambapo katatu, koma likudonthabe.

5. 3:00–3:15 Ana ojomba Lachisanu. Achiwiri kwa a Hedi, mphindi 15. Abwere ndi kaundula. Tikufuna chiwerengero cha kalasi iliyonse, osati maina a ana, ndipo tisankhe anthu awiri okacheza ndi makolo.

6. 3:15–3:25 Zina ndi zina. Mphindi 10, nkhani zisapose ziwiri. Amene muli nayo mundipatse pofika Lachiwiri madzulo. Yongotulukira pamsonkhano ndidzailemba pabolodi, idzakhala yoyamba mwezi wamawa.

7. 3:25–3:30 Kutseka. Mphindi 5. Ndidzawerenga zomwe tagwirizana, amene adzachite, ndi tsiku lomalizira.

Mfundo ikatha msanga, mphindi zotsalazo zidzapita ku denga. Ikafuna kupitirira, a Wapampando adzafunsa kuti tichotse pa mfundo iti, chifukwa 3:30 siisuntha: alonda amatseka chipindacho 3:45.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti