Katsukidwe ka zida ndi kaphedwe ka tizilombo pa kiliniki yathu ya ku Chawama

Malangizowa ndi a aliyense wogwira zida zachitsulo pano, monga masizasi, zopanira, zogwirira singano ndi timbale. Majakisoni, singano ndi malezala sitichapa. Zimenezo zimapita m'bokosi la zobaya mukangogwiritsa ntchito.

1. Valani magolovesi okhuthala ofika m'chigongono, epuloni ya pulasitiki, chophimba pakamwa ndi magalasi. Magolovesi opyapyala oyezera odwala amabooka msanga pa sinki.

2. Musalole magazi kuumira pa chida. Pukutani ndi kansalu konyowa pomwepo, ikani m'chidebe chokhala ndi chivindikiro, mupite nacho kochapira. Ambiri tinaphunzira kuyamba ndi kuviika zida mu Jiki, koma malangizo a WHO a 2016 amaletsa zimenezi: Jiki amadya chitsulo, ndipo magazi amamuchepetsa mphamvu. Pano Jiki ndi wopukutira matebulo ndi pamene patayikira magazi. Ngati pabotolo palembedwa 3.5%, sakanizani kapu imodzi ndi makapu 6 a madzi, ndipo muzisakaniza watsopano m'mawa uliwonse.

3. Kutsuka ndiye ntchito yaikulu. Chida chosayera sichingakhale chopanda tizilombo ngakhale chikhale mu otokilevu, makina ophera tizilombo ndi nthunzi, tsiku lonse, chifukwa nthunzi siyilowa pansi pa magazi ouma. Thirani madzi ofunda ndi sopo wamadzi m'beseni. Madzi otentha kwambiri ayi, amaphika magazi n'kuwamatiriza ku chitsulo. Kanulani chida chilichonse, masulani zomwe zimamasuka, ndipo kwechani ndi bulashi yofewa chida chili pansi pa madzi kuti asakuthovukireni kumaso. Limbikirani m'mano mwa zopanira, polumikizira sizasi ndi pokhomera. M'menemo ndimo mumabisala litsiro. Waya wokwechera mapoto musamuyandikize, amasiya mikwingwirima yomwe imasunga tizilombo.

4. Tsukuluzani ndi madzi oyera mpaka thovu lithe, kenaka umitsani ndi nsalu yoyera yosasiya ulusi.

5. Onetsetsani chida chilichonse poyera, pafupi ndi windo. Mukaona kadontho kofiirira polumikizira, bwererani ku beseni. Chadzimbiri, chopindika kapena chosatseka bwino chipatuleni, mukawapatse asisita oyang'anira.

6. Kulungani mu nsalu ziwiri kapena m'mapepala ake, masizasi ndi zopanira zili zokanula. Matani tepi yosintha mtundu, mulembepo tsiku ndi dzina lanu.

7. Otokilevu yathu ndi ija yonga mphika, yamagetsi. Thirani madzi osungunulidwa kuchokera ku nthunzi mpaka pa mzere. Madzi a pampopi ndi a m'chitsime muno mu Lusaka ali ndi laimu wambiri. Amasiya zoyera pa chotenthetsera ndi mawanga pa zida. Longedzani mapaketi chammbali, mosapanikiza, kuti dzanja lizitha kulowa pakati. Timbale tiyang'ane pansi. Mangani zomangira za chivindikiro ziwiriziwiri zoyang'anizana.

Yatsani otokilevu vavu yotulutsira nthunzi ili yotsegula, ndipo nthunzi ikayamba kutuluka mwamphamvu isiyeni ipitirire pafupifupi mphindi 5 musanatseke. Apa ndi pamene anthu ofulumira amalakwitsa. Mpweya wotsalira m'kati umakweza muvi wa geji ngati zonse zili bwino, pomwe kutentha sikunafike pakati pa paketi.

Yambani kuwerenga nthawi muvi ukafika pa 121°C ndi 106 kPa, yomwe pa geji zina ndi 15 psi, osati pamene mwayatsa. Zokulunga ndi mphindi 30, zosakulunga mphindi 20. Malaiti akapita kapena muvi ukatsika nthawi isanakwane, zomwe munawerenga zafafanizika. Akabwera muyambirenso pa 0.

8. Zimitsani, dikirani muvi ubwerere pa 0, ndiye mutsegule chivindikiro pang'ono, nkhope ili kutali. Siyani mapaketi aume m'momo mphindi 30. Paketi yonyowa imakoka tizilombo kupyola m'nsalu, choncho imeneyo ikulungidwenso ndi kulowanso. Chimodzimodzi ngati mizere ya pa tepi sinade. Dziwaninso kuti tepi yakuda imangosonyeza kuti paketi inakumana ndi nthunzi. Umboni wa nthawi ndi kutentha ndi zomwe mwalemba m'kaundula: tsiku, ola loyambira ndi lomalizira, zomwe geji inaonetsa, zomwe zinalowa, ndi dzina lanu.

9. Sungani m'kabati youma yotseka, kutali ndi sinki ndi fumbi, zakale kutsogolo. Pano paketi ya nsalu ikatha masiku 7, ikang'ambika kapena kugwa pansi, imalowanso mu otokilevu. Zosakulunga gwiritsani ntchito nthawi yomweyo.

Otokilevu ikafa, tingawiritse zida zotsukidwa kale mu mphika wovindikira, zitamira zonse, kwa mphindi 20 kuyambira pamene madzi abwadamuka, osaonjezeramo chida china pakati. Koma kuwiritsa sikupha njere zolimba za tizilombo monga ta kafumbata. Zida zosokera mabala ndi zonse zolowa m'mnofu zidikire otokilevu. Wodwala wofunika zimenezo asisita amutumiza ku chipatala china.