Patenti ya abale a Wright, US 821,393: zimene inateteza ndi zimene sinateteze

Kwa: Mayi Phiri, okonza pulogalamu ya sayansi ya achinyamata
Kuchokera kwa: Chisomo Kamanga, wothandiza pa zamalamulo
Tsiku: 9 Disembala

Mayi Phiri,

Ndawerenga zimene mwakonza kuti ziulutsidwe pa 17 Disembala. Patsamba lachiwiri pali chiganizo chakuti "abale a Wright anatenga patenti ya ndege, moti aliyense wopanga ndege ankayenera kuwalipira". Munandifunsa ngati chili bwino. Ndikupempha kuti chisinthidwe, ndipo mawu olowa m'malo mwake ndawaika kumapeto kuno. Patentiyi, chikalata cha boma choletsa ena kugwiritsa ntchito luso la munthu popanda chilolezo chake, sinateteze ndege yonse. Inateteza njira yoletsa ndege kupendekeka ikakhala m'mwamba, pamodzi ndi tizigawo tina ta kapangidwe kake. Komabe njira imeneyo inalembedwa motambasuka kwambiri kuposa makina amene ajambulidwa m'chikalatacho.

Wilbur ndi Orville Wright a ku Dayton, Ohio, anapereka pempho lawo ku ofesi ya mapatenti ya ku America pa 23 Malichi 1903, ndipo patenti inatuluka pa 22 Meyi 1906. Pempho loyamba analemba okha ndipo ofesiyo inalikana. Mu 1904 anapeza loya wa mapatenti, Harry Toulmin wa ku Springfield, amene analikonzanso mpaka linadutsa. Taonani tsiku loperekeralo: ndi miyezi pafupifupi isanu ndi inayi asanauluke ndi injini pa 17 Disembala 1903 ku Kill Devil Hills, kufupi ndi Kitty Hawk. Makina amene ali m'chikalatamu ndi a mtundu wa ndege yawo yopanda injini ya 1902.

Chikalatacho chili ndi zithunzi, malongosoledwe aatali a makinawo, ndipo kumapeto kuli makileyimu, ndime 18 zokhala ndi manambala zotchula zimene patentiyo ikuteteza. Ndinayamba ndi makileyimu okha, malongosoledwe nditawaphimba, n'kulemba chinthu chilichonse chimene ndime iliyonse ikufuna kuti chikhalepo. Kenako ndinawerenga malongosoledwe n'kuyerekeza. Ndinatero chifukwa malongosoledwe ali ngati mwini munda akukuyendetsani kukuonetsani mbewu zake, pomwe makileyimu ndi zikhomo za m'malire. Pa mlandu, woweruza amafunsa kaye pamene pali zikhomo.

Zimene malongosoledwe akuonetsa

Mapiko ndi awiri, lina pamwamba pa linzake, a nsalu yokungidwa pa timitengo. Mizati yolumikiza mapikowo ili ndi mfundo zotha kupindika. Woyendetsa amagona chafufumimba pa phiko lam'munsi, chiuno chili m'kachibelekero kotha kusendera kumanja kapena kumanzere. Akasendera, zingwe zimapotokola mapiko onse awiri, mbali ina n'kudzuka kukumana ndi mphepo, inayo n'kutsika. Zingwe zomwezo n'zolumikizidwa ku chiwongolero choimirira cha kumchira, moti nacho chimakhota nthawi yomweyo. Kutsogolo kuli chiwongolero chogona chokwezera ndi kutsitsira mphuno ya makinawo.

Munthu wongowerenga gawo limeneli angaganize kuti akasiya kachibelekero, n'kukhala pampando, n'kuleka kupotokola mapiko, wathawa patenti. Angaganizenso kuti makina alionse ouluka agwidwa, poti mutu wa chikalatacho ukungoti makina ouluka ndipo malongosoledwe akuti angayende ndi mphamvu ya makina kapena kungotsetsereka chifukwa cha kulemera kwake. Maganizo onse awiriwa ndi olakwika, ndipo makileyimu ndi amene akuonetsa zimenezi.

Kileyimu 1

Ndikaiphwanya, ikufuna kuti m'makina ouluka mukhale zinthu izi pamodzi:

(a) phiko limene limakhala lathyathyathya likakhala losasunthidwa;
(b) zigawo za m'mphepete mwa phikolo, kumanja ndi kumanzere, zotha kusunthira pamwamba kapena pansi pa mulingo wa phiko lonse;
(c) kusunthako kuzichitika pa mzere wopingasa njira imene makinawo akulowera, kuti zigawozo zizikumana ndi mphepo mopendekeka mosiyana;
(d) chipangizo chosunthira zigawozo.

Pamenepa m'pamene pagona nkhani yonse, Mayi. Pa (d) sanatchule zingwe kapena kachibelekero. Anangoti chipangizo chosunthira, chikhale ndodo, chikhale chopondera. Pa (b) sanatchule kupotokola. Anangoti zigawo za m'mbali zotha kusuntha. Pa (a) akunena za phiko limodzi, kotero kileyimuyi sinamangidwe pa mapiko awiri osanjikizana a pachithunzi aja. Injini mulibe, chopukusa mphepo mulibe, ndipo ngakhale chiwongolero cha kumchira sichikutchulidwa m'ndime imeneyi. Toulmin anasiya kunja zonse zimene wopikisana nawo akanatha kusintha mosavuta, n'kusunga mfundo imodzi yokha, yoti mbali ziwiri za phiko zizipatsidwa kupendekeka kosiyana mwa kufuna kwa woyendetsa.

Panali malo awiri pamene ndinabwerera ku malongosoledwe kuti ndimvetse kileyimuyi. Oyamba ndi liwu la Chingelezi lakuti aeroplane, limene lero limatanthauza ndege yonse. M'chikalatamu likuimira phiko lokha, ndipo wosadziwa zimenezi angawerenge (a) ngati akunena za ndege iliyonse. N'kutheka kuti chiganizo cha patsamba lachiwiri chija chinabadwira pamenepa. Achiwiri ndi mawu otsekera ndimeyi, onena kuti zonsezi zikhale monga mmene zalongosoledwera. Mawu otere akanatha kuchepetsa malire mpaka pa makina a pachithunzi okha. Koma malongosoledwe omwewo akunena poyera kuti lusoli silinamangidwe pa kapangidwe kamodzi kameneka, ndipo kapangidwe kena kalikonse kosiyanitsa kupendekeka kwa mbali ziwirizo kali m'kati. Kotero malongosoledwe amathandiza kumasulira mawu a kileyimu, koma chinthu chimene changolongosoledwa osalowa m'kileyimu iliyonse sichitetezedwa.

Kileyimu 7

Iyi ikuphatikiza zinthu zinayi: phiko, chipangizo chosunthira mbali zake ziwiri pa nthawi imodzi kuti zipendekeke mosiyana, chiwongolero choimirira, ndi chipangizo chochititsa kuti chiwongolerocho chilozetse kumphepo nkhope yake imene ili kufupi ndi mbali ya phiko yopendekeka pang'ono. Chifukwa chake achinyamata angachikonde. Mbali ya phiko imene yadzuka kwambiri imanyamuka kwambiri, koma mphepo imaikokeranso m'mbuyo, moti mbali inayo imathamanga kuposa inzake ndipo mphuno imakhotera kolakwika. Abalewa anavutika nazo zimenezi mu 1901 ndi 1902, mpaka anapanga mchira wotha kukhota kuti uzibweza mbali yothamangayo.

Poti kileyimu 7 ili ndi zinthu zambiri, malire ake ndi ochepa kuposa a kileyimu 1. Makina osowa chimodzi mwa zinayizo sangaimbidwe mlandu pa ndime imeneyi. Ambiri amaganiza kuti kileyimu yaitali ndiyo yamphamvu, koma liwu lililonse lowonjezera ndi chinthu chinanso chimene mwini patenti ayenera kuchipeza pa makina a mnzakeyo.

Makileyimu otsalawo sindikhalitsapo. Ena akubwereza mfundo yomweyi pa mapiko awiri osanjikizana, ena akunena za mizati ya mfundo zopindika, ena za chiwongolero chogona chotha kupindika cha kutsogolo. Palibe ngakhale imodzi yoteteza injini kapena chopukusa mphepo, ngakhale kuti pa zopukusa mphepo abalewa anagwira ntchito yaikulu mu 1903.

Mmene makhoti anaziwerengera

Mu 1909 abalewa anasumira Glenn Curtiss wa ku Hammondsport, New York, ndi kampani ya Herring-Curtiss. Ndege za Curtiss sizinkapotokola mapiko. Zinali ndi timapiko tapadera ta pahinji, ndipo chiwongolero cha kumchira chinali chosalumikizidwa ku timapikoto. Mukayerekeza ndi zithunzi za m'patenti, makinawo ndi osiyana ndithu. Koma mu Febuluwale 1913 woweruza John Hazel wa ku Buffalo anagamula mokomera a Wright, ndipo mu Januwale 1914 khoti la apilo linavomereza chigamulocho. Mlandu unali pa makileyimu 3, 7, 14 ndi 15. Makhotiwo anaona kuti abalewa ndi amene anatsegula njira pa lusoli, choncho makileyimu awo amasulidwe motambasuka, ndipo timapiko ta Curtiss tinkagwira ntchito yomwe ija ya zigawo za m'mbali. Wilbur sanachione chigamulochi, anamwalira mu Meyi 1912.

Zimene Curtiss anachita pambuyo pake zikuonetsa munthu wowerenga makileyimu liwu ndi liwu. Anasintha makina ake kuti timapiko tiwirito tizisuntha kalikonse pakokha, osati pa nthawi imodzi, n'cholinga chozemba mawu oti "pa nthawi imodzi". Mawu amenewo m'kileyimu 1 mulibe, koma kileyimu 1 sinali pakati pa zimene khoti linagamula, moti panafunika mlandu watsopano. Nkhaniyi inazirala mu 1917, America italowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene boma linakankha opanga ndege kuti aike mapatenti awo pamodzi m'bungwe la Manufacturers Aircraft Association.

Malire a malo ndi nthawi

Patenti ya ku America inkagwira ntchito ku America kokha. Ku Ulaya abalewa anachita kupempha mapatenti ena, ku Britain, France ndi Germany, ndipo milandu ya kumeneko inayenda payokha. Nthawi imeneyo patenti ya ku America inkakhala zaka 17 kuchokera tsiku lotuluka, choncho iyi inatha mu Meyi 1923. Lero aliyense ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito zonse zili m'menemo. Ndikupempha kuti mfundo imeneyi isachotsedwe ngakhale nthawi itachepa, chifukwa wachinyamata wopanga kandege kake kusukulu angamve pulogalamuyi n'kuopa kuti akuba luso la eni ake.

Mawu olowa m'malo pa tsamba lachiwiri

"Mu 1906 abale a Wright analandira patenti ku America. Sinali ya ndege yonse, ndipo injini sinali m'kati mwa zotetezedwa. Inateteza njira yoyendetsera ndege kuti isapendekeke, posunthira mbali ziwiri za phiko mosiyana mothandizana ndi chiwongolero cha kumchira. Poti ndege imafunika njira yotere kuti iuluke bwino, makhoti a ku America atagamula mokomera a Wright mu 1914, opanga ndege ambiri kumeneko anapezeka ali m'kati mwa malire a patentiyi. Patentiyo inatha mu 1923."

Chikalata chonse mungachipeze pa Google Patents mukalemba US821393. Ngati mukufuna kuti wowulutsa awerenge ndime imodzi pa wailesi, ndingakonde ikhale kileyimu 1, ndipo ndikhoza kuimasulira yonse m'Chichewa ndi kukutumizirani lisanafike tsiku lojambula mawu.

Ine wanu,
Chisomo Kamanga