Kalata Yopempha Malo Ophunzirira Ntchito

Braamfontein, Johannesburg
4 Ogasiti 2025

Kwa Mkulu Woyang'anira Antchito,
Kampani Yokonza Mathiransifoma,
Germiston

Bwana wolemekezeka,

PEMPHO LA MALO OPHUNZIRIRA NTCHITO

Ndine Chisomo, mtsikana wochokera ku Ntcheu. Ndili m'chaka chachitatu pa Yunivesite ya Witwatersrand, komwe ndikuphunzira uinjiniya wa zamagetsi. Ndikupempha kuti mundilole kudzaphunzira ntchito pakampani panu kwa masabata 6, kuyambira pa 24 Novembala, tikamaliza mayeso. Ndalemba m'Chichewa chifukwa a malume, amene mumapemphera nawo ku Rosettenville, anandiuza kuti nanunso ndinu a kumudzi.

M'kalasi ndaphunzira kuwerengetsera mmene thiransifoma imatsitsira mphamvu kuchoka pa mavoliti 11,000 kufika pa 400, koma sindinaonepo mkati mwa yaikulu itatsegulidwa. Ndikufunitsitsa kuima pambali pa amisiri anu akamakulunga mawaya a kopa ndi kuyeza mafuta ake ngati mwalowa chinyezi. Chidwichi chinayambira kwathu. Thiransifoma ya pamsika itapsa, chigayo chinaima mwezi wathunthu, amayi n'kumasenza chimanga mtunda wautali.

Nsapato zachitetezo ndi ovolosi ndili nazo kale. Ntchito iliyonse imene mungandipatse, ngakhale yopukuta zipangizo, ndidzaigwira ndi mtima wonse. Pomaliza ndidzangopempha kuti musayine lipoti limene sukulu imafuna.

Ndaphatikiza zotsatira za mayeso, kalata ya aphunzitsi ndi kope la chilolezo changa chophunzirira m'dziko muno. Mukafuna kundiona, Lachitatu masana sindikhala ndi kalasi.

Ine wanu modzichepetsa,
Chisomo