Pempho la ndalama zogulira themomita yoyezera anzake komanso kalibuleshoni yovomerezeka

Kuchokera kwa: Woyang'anira labu
Kupita kwa: Bwana Dayilekita
Tsiku: Lachiwiri, 14 Okutobala 2025

Bwana,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ndi kutentha kwayambaku. Ndalemba kalatayi kupempha K2,800,000 yoti tigule themomita imodzi yodalirika, yoti izikhala ngati mkulu wa mathemomita onse a mu labu muno, ndiponso kuti ikayezedwe ku labu ya kalibuleshoni yokhala ndi akiliditeshoni, kutanthauza chivomerezo choti imayeza molondola, tisanayambe kuigwiritsa ntchito. Nkhaniyi tinaikambako pang'ono pa mitingi ya Lolemba koma nthawi inachepa, ndiye ndati ndiilembe bwinobwino kuti mukhale ndi chogwira mukamakakumana ndi a komiti ya zachuma.

Mukalowa mu labu muona kuti pa chitseko cha filiji iliyonse pali tchati, anyamata amalemba m'mawa ndi madzulo osaphonya, ngakhale Lamulungu. Mbali imeneyo ndilibe nayo dandaulo. Vuto ndi loti manambala akulembedwawo palibe angalumbire kuti ndi oona. Tili ndi mathemomita 14, ena anabwera limodzi ndi mafiliji, ena tinapatsidwa ndi mapulojekiti omwe anatha kalekale, awiri tinagula tokha mu famase ku Blantyre, ndipo pa onsewa palibe olo imodzi yomwe ili ndi satifiketi yomwe ikugwirabe ntchito.

Sabata yatha filiji ya magazi imaonetsa madigiri 4 pa sikirini yake pomwe themomita ya mubotolo yomwe ili mkati momwemo imanena 7.5. Magazi amayenera kukhala pakati pa 2 ndi 6. Ndiye bwana tikhulupirire iti? Ngati yolondola ndi ya pa sikirini ndiye kuti zonse zili bwino, koma ngati yolondola ndi ya mubotolo ndiye kuti mapaketi 9 omwe anali mmenemo anali atakhala potentha kwa nthawi yomwe sitikuidziwa. Tinabweretsa themomita yachitatu kuti iweruze, nayo inatipatsa 5.5, basi tinangoyang'anana. Mapeto ake tinawapatula mapaketiwo osawapereka, chifukwa sindingalole kuti mayi wotaya magazi ku mateniti kapena mwana wa malungo aikidwe magazi omwe ndikuwakayikira, ndipo tsiku limenelo ambulasi inakwera phiri kukatenga ena ku Blantyre, mafuta ake a ulendowo ali mu buku la a thiransipoti. Mwina magaziwo anali abwinobwino, ndipo chomwe chikundiwawa nchimenecho, anthu anapereka magazi awo ulere ife nkuwataya pa chikaiko chabe.

Ndipo si kutentha kokha koopsa. Filiji ikazizira mopyola, magazi nkugwira ayisi, maselo ofiira amasweka ndipo paketi yoteroyo itha kupha munthu. Themomita yonama mbali iyi kapena inayo ngozi yake ndi imodzi.

Kuno kwathu nkhani ya kutentha si yongowerenga m'buku ayi. Okutobala ndi Novembala kunja kumapyola madigiri 40, mukudziwa mmene kumakhalira ku Ngabu, ku Nchalo mpaka ku Bangula ndi ku Nsanje boma, ndiye filiji yomwe ku Zomba kapena ku Dedza imagwira ntchito mopumula kuno kompuresa yake imalira tsiku lonse. Onjezerani kuthima kwa magetsi, jenereta ichedwe kulira mphindi zingapo, chitseko chitsegulidwe kakhumi pa ola. Makatiliji a GeneXpert omwe timayezera TB amafuna pakati pa 2 ndi 28, chipinda chawo eyakoni ikangofooka timakhala pa malire penipeni. Maliyejenti ambiri, mankhwala omwe timayezera masampulo, amafuna 2 mpaka 8, filiza ya masampulo ikhale pa -20, inkyubeta ya makalicha cha pa 35 mpaka 37, wotabafa yopangira kilosimachi, kuona ngati magazi operekedwa akugwirizana ndi a wodwala, pa 37. Aliyense wa manambala amenewa ali ndi wodwala kumbuyo kwake, ndipo liyejenti ikawonongeka ndi kutentha siilira, imangoyamba kupereka zotsatira zolakwika mwakachetechete, adokotala nkumapereka mankhwala potengera pepala lathu.

Tsopano chomwe ndikupempha chenicheni. Ndi themomita ya dijito yokhala ndi pulobu ya pulatinamu, mtundu womwe pa kotesheni walembedwa kuti Pt100, yowerenga mpaka 0.01 ya digiri. Pulatinamu amaikonda chifukwa siisinthasintha msanga pakapita zaka. Imeneyi sikhala mu filiji ayi, izikhala mu bokosi lake mu kabati yokhoma mu ofesi mwanga, kutuluka pokhapokha tikamayeza anzake. Miyezi isanu ndi umodzi iliyonse tizitenga themomita ya tsiku ndi tsiku, kuiika mubotolo limodzi la gilayiko, mankhwala amadzimadzi osagwira ayisi msanga, pamodzi ndi pulobu ya yaikuluyi, kudikira manambala akhazikike, nkulemba kusiyana kwake. Yomwe yasiyana pang'ono tiziimata sitika yonena kuti powerenga onjezerani kapena chotsani zakuti, yomwe yasiyana kupyola digiri imodzi tiziichotsa pa ntchito. Pakatikati tizionanso yaikuluyo ngati siinasokonekere, poiviika mu ayisi wophwanya wosakaniza ndi madzi osungunula bwino aja a disitiudi, pamenepo imayenera kuonetsa 0, ndipo zimenezi sizifuna ndalama.

Ndikudziwa a akaunti afunsa kuti bwanji osangogula themomitayo basi, popeza yatsopano imabwera kale ndi kapepala ka ku fakitale. Kapepala kajako nthawi zambiri kamangoti chinthuchi chayesedwa ndipo chili bwino, sikanena kuti anayerekeza ndi chani, pa madigiri angati, komanso kuti kukaika kwake nkochuluka bwanji. Zili ngati sikelo ya wogula thonje pa msika, mwini wake atha kulumbira kuti ndi yatsopano, koma mlimi amakhazikika mtima akaona chidindo cha a Malawi Bureau of Standards. Satifiketi yochokera ku labu yomwe ili ndi akiliditeshoni ya ISO/IEC 17025 imaonetsa nambala ya chida chathucho, madigiri omwe anayezapo, kuphonya kwake pa digiri iliyonse, ansetenite yake kutanthauza mpata wa chikaiko womwe umatsala pa muyezo uliwonse, komanso mzere wonse woonetsa kuti chida chawo chinayezedwa ndi china chapamwamba mpaka kukafika ku miyezo ya dziko lonse lapansi. Mzere umenewu ndi womwe ma odita amautchula kuti tiresabilite, ndipo ISO 15189 yomwe ma labu a zachipatala timayendera imaufuna pa zida zomwe zimakhudza zotsatira.

Apa pali kamsampha kamodzi koti a pulokyuwamenti akadziwe. Kampani itha kukhala ndi akiliditeshoni ndithu koma ya masikelo okha kapena ya zoyezera mphamvu ya mpweya, osati ya kutentha. Ndiye tisangoona chizindikiro cha SADCAS kapena SANAS, mabungwe opereka akiliditeshoni, pa leta hedi nkukhutira, tiwapemphe pepala la sikopu yawo, lomwe limatchula zomwe anavomerezedwa kuyeza, tione ngati kutentha kulipo, kuyambira -20 mpaka 37 kukhale mkati, ndipo ansetenite yawo isapyole 0.2, chifukwa chida choweruza anzake chimayenera kukhala cholondola kangapo kuposa omwe chikuwaweruza. Ndapempha kuti ayeze pa malo asanu, -20, 0, 4, 25 ndi 37, omwe ndi madigiri omwe timagwirapo ntchito. Kotesheni ina inabwera yotchipa kwambiri koma nditafunsa sikopu anangoti atumiza, mpaka lero, ndiye imeneyo sindinaiwerengere ngakhale ndaiphatika pamodzi ndi zinazo kuti muione nokha.

Ndalama zake zili motere. Themomita ndi pulobu yake K1,850,000. Kalibuleshoni pa malo asanu aja K620,000. Kutumiza ndi kubweza pa koriya pamodzi ndi inshuwalansi K180,000. Gilayiko, mabotolo, mabatire ndi masitika K150,000. Zonse pamodzi K2,800,000. Makotesheniwa akuti agwira ntchito masiku 30 okha, ndipo poti katunduyu amaitanitsa kunja, mtengo umayenda ndi dola, tikachedwa tidzayambiranso.

Ndisakubisireni bwana, iyi si ndalama yotuluka kamodzi nkuiwala. Chaka chilichonse themomitayi iyenera kubwerera kukayezedwanso, zomwe pa mitengo ya lero ndi K800,000 kuphatikiza koriya, ndiye ndikupempha kuti mzere umenewu ulowe mu bajeti ya labu kuyambira chaka chamawa. Koma yerekezani ndi njira inayo, yotumiza mathemomita onse 14 kunja, pa K250,000 iliyonse monga anatiuzira ndi K3,500,000 pa chaka, komanso nthawi yomwe ali ku ulendoko mafiliji atsala opanda chowerengera. Ndiye kugula imodzi yabwino nkumayeza enawo tokha ndiye kutchipa kwake. Ndaganizanso kuti a famase ndi a katemera atha kumabweretsa mathemomita awo kuti tiziwaonera, bola aziabweretsa ku labu, yaikuluyo isamayendeyende pa njinga yamoto.

Palinso nkhani ya nyenyezi. Pa oditi yapitayi ya SLIPTA, yomwe imapereka nyenyezi kwa ma labu malinga ndi ubwino wa ntchito yawo, tinapeza nyenyezi zitatu pa zisanu, ndipo pa mfundo zomwe anatilembera kuti tikonze, iyi ya mathemomita opanda satifiketi ndi yomwe yatsala yosatsekedwa, zina zija za mafayilo ndi ma SOP tinamaliza ndi manja athu popanda kupempha kobiri. Iyi yokha ndi yomwe khama lathu silingaithe. Akadzabweranso nkuipeza ili chomwecho idzalembedwa ngati vuto lobwereza, ndipo maloto aja munanena pa mitingi ya ogwira ntchito onse, oti labu yathu idzafike pofunsira akiliditeshoni ku SADCAS, adzakhala akadali kutali.

Chondifulumizitsa china ndi mvula. Tonse tikukumbuka namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023 mmene misewu inadukira ndi mmene magetsi anasowera, nthawi ngati imeneyo sungathamangire ku Blantyre kukatenga magazi ena, umadalira zomwe uli nazo mu filiji ndipo umafunika kudziwa motsimikiza ngati zikadali zabwino. Ogulitsa akuti kuchokera tsiku lolipira mpaka chidacho kufika ndi satifiketi yake pamatenga masabata 6 mpaka 8, ndiye LPO ikatuluka mwezi uno tikhala nacho Disembala asanathe.

Ngati ndalama yonse siingapezeke pakamodzi, chonde tisagule themomita yokha nkusiya kalibuleshoni kuti tidzaone mtsogolo, chifukwa tikatero tangowonjezera ya nambala 15 pa gulu la zokaikitsa lija. Kuli bwino tichotse K150,000 ya tizinthu tating'onoto, ndiyesa kupempha gilayiko kwa anzathu a katemera.

Ndaphatika makotesheni atatu, mapepala a sikopu a makampani awiri omwe anatumiza, fotokope ya tchati cha filiji ya magazi cha sabata yatha ndi tsamba la lipoti la oditi. Ngati a komiti angafune kuona okha, abwere ku labu Lachinayi m'mawa asanayambe mitingi yawo, ndidzaika mathemomita atatu aja mubotolo limodzi awerenge ndi maso awo, sizitenga mphindi 20.

Zikomo kwambiri bwana, takhuta.

Ine wanu pa ntchito,
Woyang'anira labu